Swichi ya Kuchipinda kwa a Thimitsakaye

Dzina loti Mayi Nsimbi sanachite kulipempha ayi. Linangowamatirira kukampani yochapa zovala kumene anakhala akusita kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, mpaka ngakhale ana a mumsewu wawo sankadziwa kuti mayiwo ali ndi dzina lina. Malo awo anali a pakona, pafupi ndi makina a nthunzi aja amangoti fooo tsiku lonse. Makina amenewo anawadya makutu pang'onopang'ono, moti ukafuna kuti akumve unkayenera kuwayankhula chowayang'ana kumaso. Nsimbi nayo inawadya manja. Zikhatho zawo zinakhuthala ngati chikopa cha nsapato, ankatha kuphula poto pamoto popanda kansalu, atsikana a kuntchito n'kumakuwa kuti, "Mayi inu, mupsa!" Akafuna kudziwa ngati nsimbi yatentha, dzanja sankalikhulupiriranso. Ankaiyandikitsa kutsaya.

Amuna awo anali okonza magetsi, ndipo nawonso dzina lawo linachokera kuntchito. Akafika panyumba ya munthu, moni asanamalize n'komwe, mawu oyamba anali akuti, "Thimitsa kaye." Wina angowaitana kudzasintha babu, iwo thimitsa kaye. Wina akuti ndathimitsa kale pakhomapa, iwo ayi, kubokosi la magetsi. Anzawo anatopa nazo n'kungowatcha a Thimitsakaye, ndipo iwo ankavomera dzinalo mosangalala ngati awapatsa mendulo. Anali munthu wochedwetsa ntchito, izi tisabise. Koma zala zawo zonse khumi zinalipo, ndipo panalibe nyumba imene anaikamo mawaya n'kudzapsa.

Ndiye kunabwera sitiroko. Inawapeza ali patebulo akumwa tiyi, kapu n'kungogwa. Atatuluka kuchipatala anali atafa mbali yonse yakumanja, ndipo mawu onse amene munthu amasonkhanitsa m'moyo wake anali atathawa, kupatula amodzi okha. Mwa mawu onse a m'dziko muno, abale inu, anatsala ndi "thimitsa". Dzina la mkazi wawo linapita, la mwana wawo wamkazi wokhala kutali uja linapita, ngakhale "madzi" anapita. Akafuna kumwa, thimitsa. Msana ukawawa, thimitsa. Dokotala anati zimachitika, ubongo umagwiritsa mawu amene unazolowera kwambiri. Mayi Nsimbi anaseka tsiku limenelo mpaka misozi, kenako misoziyo inapitirira yokha kuseka kutatha.

M'zaka ziwiri anaphunzira kuwamasulira mawuwo. Akatuluka motsitsa ndiye kuti ludzu. Akatuluka kawiri mofulumira ndiye kuti beseni, ndipo uthamange. Akakokedwa motalika ndiye kuti nditembenuze. Tsiku lawo linkayenda chonchi: kudzuka, kuwasambitsa bambowo, kuwasintha nsalu, kuwadyetsa, kuwasiyira botolo la madzi kudzanja lamanzere, kusiya kiyi kwa mayi wa nyumba yoyandikana kuti azisuzumirako masana, kukaimirira maola asanu ndi atatu akusita malaya a amuna a eni, kubwerera, n'kuyambiranso. Sankadandaula kwa munthu. Kudandaula kumafuna mphamvu, ndipo iwo analibe yotsala.

Koma miyezi itatu yapitayo panabuka "thimitsa" wina amene sankamudziwa. Ameneyu ankabwera madzulo okhaokha. Mayi Nsimbi akafika kuchokera kuntchito kunja kuli chizirezire, ankalowa kuchipinda manja onse ali odzaza, kwina beseni kwina thaulo, n'kudina swichi ya pakhomo ndi chigongono monga ankachitira nthawi zonse. Babu likangoyaka, bambo aja ankadzuka ndi ukali woopsa. Maso ali psuu, mitsempha ya m'khosi ili njo, dzanja lamanzere likumenya matiresi, akuloza kukhomo kumene mkazi wawo waima.

"Thimitsa! Thimitsa! Thimitsa!"

Anayesa madzi, ayi. Anayesa beseni, ayi. Anaganiza kuti mwina kuwala kukuwalasa m'maso, anawaphimba ndi kansalu, iwo n'kukataya pansi. Koma akathimitsa babu n'kutsala mumdima, bambowo ankakhala chete. Usiku woyamba, wachiwiri, sabata, mwezi. Munthu wotopa safufuza nthawi yaitali, amangotola yankho limene lili pafupi, ndipo limene linali pafupi linali lowawa: bambo awa sakufunanso kuona nkhope yanga. Mumdima ndiwasambitse, ndiwapukute, alibe nazo vuto. Koma ndikangoonekera, amanyansidwa nane. Zinawapweteka kwambiri, kuposa mawondo, kuposa msana. Ena madzulo ankayatsa dala n'kuwasiya akuwe, akumatsuka zilonda mano atalumana, mumtima akuti, kuwani, munandikwatira nokha.

Mlamu wawo, mchemwali wa bambowo, anazimva yekha Lamlungu lina atabwera kudzazonda. Anali mayi wa mtima wabwino koma wa pakamwa posachedwa, wovala mafuta onunkhira amene ankatsala m'nyumba masiku awiri.

"Alamu, izi si zokhala nazo," anatero ali kukhitchini, akuyankhula mokweza kuti amveke. "Achimwene atopa nanu, inunso mwatopa nawo. Palibe wolakwa. Ndibwera Loweruka ndi galimoto, ndikawasunge kwathu. Kuli chipinda, kuli wantchito. Inu mupumeko, taonani mmene mwathera."

Kale Mayi Nsimbi akanamuthamangitsa ndi tsache. Tsiku limenelo anangoyang'ana manja awo n'kunena kuti, "Chabwino, alamu." Ankadziwa bwino kuti kumeneko n'kutali, mabasi awiri, ndipo munthu wogwira ntchito mpaka Loweruka masana angamapiteko kangati? Ankadziwanso kuti wodwala wotere akatuluka pakhomo sabwereranso. Zaka makumi atatu ndi zinayi za ukwati zinali zoti zikwezedwa pagalimoto pamodzi ndi matiresi.

Lachisanu madzulo anayamba kulongedza. Anayatsa babu, kukuwa kunayamba, iwo osalabadira. Malaya anayi, onse osita bwino ngakhale mwiniwake sankapita kulikonse. Mabulangete awiri, mankhwala, lumo lometera. Chikwama cha zipangizo zawo za magetsi chimene chinali pansi pa bedi anachikoka n'kuchibwezanso, chifukwa kumeneko akachita nacho chiyani? Atamaliza anafika pakhomo kuti atuluke, koma sanatuluke. Anangotsamira khoma pomwepo, nkhope n'kuigunditsa pakhoma, maso ali tsinzinu.

Tsaya lawo linagwera pa swichi. Inali yofunda.

Anadzidzimuka n'kuikhudza ndi chala, osamva kanthu. Anabwezeranso tsaya. Eee, inali yotentha ndithu, ngati nsimbi imene waizula kumene. Ndipo khutu lili pomwepo, anamva kaphokoso kamene sakanakamva ali chiimire: tche, tche-tche, tcherr, ngati mafuta akamathetheka m'chiwaya. Panalinso kafungo ka pulasitiki wopserera, kamene masiku onsewa ankati ndi anthu akuwotcha zinyalala kuseri.

Anathimitsa. Chipinda chinada, bambo aja anakhala chete monga mwa masiku onse. Ganizo lina linawadutsa m'mutu, koma analikankhira kutali. Anali atayembekezerapo zinthu zambiri m'zaka ziwirizi, chala chikagwedezeka, mlomo ukayesa mawu ena, ndipo zonse zinathera m'madzi. Anangotenga foni n'kuimbira Kaliwiro.

Kaliwiro anaphunzira ntchito m'manja mwa a Thimitsakaye kalekale. Tsopano anali bambo wa ana anayi, wa kamimba, wa njinga yamoto ndi mafoni awiri olira mosinthana. Ntchito ankaidziwa, palibe angatsutse, koma ankaigwira ngati kumbuyo kukubwera galu. Anayankha ali pamsewu, mphepo ikuwomba mufoni. "Musayatsenso, mayi! Ndifika mawa m'mawa!" Basi, foni n'kuduka.

Loweruka kunacha magetsi kulibe. Anali atazima dera lonse mbandakucha, monga ankachitira kawirikawiri, ndipo anthu ankati abwera madzulo. Mayi Nsimbi anapempha tchuthi cha tsikulo. Anawasambitsa amuna awo, kuwameta, kuwaveka malaya abuluu, n'kuwakhazika motsamira mapilo. Mlamu anafika cha m'ma naini ndi galimoto yobwereka, ndipo dalaivala anayamba kunyamula zikwama ndi matiresi apadera a pulasitiki a wodwalayo. Kaliwiro anatulukira pambuyo pake, chipewa cha njinga chili kumutu.

"Madala, muli bwanji? Mukuoneka bwinotu lero, ngati mukukafunsira!" anatero akugwira dzanja lamanzere la bambowo. "Mayi, ndi iyi? Mphindi zisanu. Mwayi wake lero atithimitsira okha a magetsi, sitivutikanso."

"Simupita kaye kubokosi?" anafunsa Mayi Nsimbi, mongozolowera.

"Kukatani, mayi? Tauni yonse yafa. Onani." Anamasula tisikuluwu tiwiri ta pamwamba, n'kukoka swichi ija kuti ituluke m'khoma, ikulendewera pa mawaya ake. Fungo linatuluka lamphamvu moti mlamu anatseka mphuno. Kaliwiro anagunditsa tesita yake yoyezera magetsi pa waya. Kanyale ka m'katimo sikanayake. "Mwaona? Mulibe kanthu."

Apo m'pamene bambo aja anaphulika.

"Thimitsa! Thimitsa!"

Anakuwa kuposa masiku onse, malovu akutsikira pa malaya abuluu aja. Dzanja lamanzere linagwetsa botolo la madzi.

"Mwaonatu, alamu?" anatero mlamu ali pakhomo. "Ngakhale masana akukuthamangitsani. Tulukani kaye pang'ono, mtima wawo utsike. Achimwene, tikupita, musadandaule, tikupita pompano!"

Mayi Nsimbi anatsala pang'ono kutuluka. Phazi limodzi linali kale pakhonde la m'kati. Koma china chake sichinagwirizane. Babu silikuyaka, palibe chowala m'nyumba monse, ndiye akuti athimitse chiyani? Anatembenuka n'kuwayang'ana bwinobwino amuna awo, mwina kwa nthawi yoyamba m'miyezi itatu, chifukwa munthu akamakukalipira sumuyang'ana m'maso. Mayiwo anali atasuntha, anali ataima chakumanzere kwa chitseko, koma maso a bambowo sanawatsatire. Anali pa dzanja la Kaliwiro. Kuchoka pa dzanja, ankathamangira kukhonde kumene kunali bokosi la magetsi, n'kubwereranso pa dzanja. Ndipo m'maso amenewo munalibe chidani. Anali mantha.

Anakumbukira masiku aja akanali mtsikana, akuwagwirira amuna awo tochi m'nyumba imeneyi. Magetsi anali atazimanso chonchi, iwo n'kufunsa kuti nanga mukutsitsiranji swichi yaikulu poti kulibe kale. Bambowo anayankha akumata tepi pabokosi kuti, "Amene wawazimitsa sakundidziwa ine. Akafuna kuwabweza sabwera kudzandifunsa kuti dzanja lako lili pati."

"Kaliwiro, chotsa dzanja pamenepo," anatero Mayi Nsimbi.

"Mayi, ndili ndi ntchito zina zitatu..."

"Ndati chotsa!"

Mawu a munthu wogontha akakwiya amamveka mpaka kumsewu. Kaliwiro anakweza manja m'mwamba ngati wagwidwa ndi apolisi. Mayiwo anapita kukhonde, anakwera pa kampando, mawondo akulira, n'kutsegula chitseko cha bokosi. M'katimo timaswichi tonse tinali ndi timapepala tolembedwa ndi dzanja la amuna awo, zilembo zowongoka ngati za mphunzitsi: nyale, masoketi, chitofu. Anagwira yaikulu ija ndi kuitsitsa. Inalira kuti khu.

Kuchipinda kunangoti zii. Atabwerera anapeza bambowo atagwetsa mutu pa pilo, akupuma mwawefuwefu, maso ali otseka.

"Hee, madala sasintha," anaseka Kaliwiro, koma kuseka kwake kunali kopanda mchere. "Mwakhutira, abwana? Ndipitirize?"

Anabwerera pa swichi. Kasikuluwu kogwira waya wamoto sikanafunike n'komwe kumasula, kanali kale lendelende. Anakoka mawaya awiri amene anali pamenepo, n'kugwira nsonga yake yamkuwa ndi zala kuti awaonetse. "Taonani mmene wadera, mayi. Uyu ndiye amabweretsa moto kuchokera kubokosi, ndiye..."

Wailesi ya nyumba yoyandikana inabangula mwadzidzidzi pakati pa nyimbo. Kutsidya kwa msewu makina a wowotcherera zitsulo anayamba kulira. Ana panja anakuwa onse pamodzi: "Ayaka! Ayaka!"

Kaliwiro anayang'ana waya uja ali pakati pa chala chake chachikulu ndi chamkombaphala. Anamusiya pang'onopang'ono ngati akusiya njoka yogona. Kenako anatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi pa simenti, miyendo ili tambalale. Foni imodzi inayamba kulira m'thumba, iye osaigwira. Inalira mpaka kutopa yokha.

"Mayo ine," anatero mlamu chapansipansi. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, anathera pomwepo.

Kaliwiro atadzuka anali munthu wina. Anavula chipewa cha njinga, anathimitsa mafoni onse awiri n'kuwaika pawindo. Anagwada pafupi ndi bedi. "Pepani, abwana," anatero. "Munandiphunzitsa, ine ndi amene ndinaiwala." Bambowo anatsegula diso limodzi n'kumuyang'ana monga ankamuyang'anira kale akadula waya mofupikitsa.

Ndiye anayamba ntchitoyo pachiyambi, ndipo mphindi zisanu zija zinakhala ola. Anati tesita imene sinayake magetsi kulibe sinanene chilichonse, mwina ndi yakufa. Anatalikitsa mawaya aja kuti asakhudzane ndiponso asakhudze khoma, anauza aliyense kuti aime kutali, n'kupita kukakweza swichi yaikulu. Anabwera, anagunditsa tesita pa waya uja anagwira ndi zala, kanyale n'kuyaka kuti ngwee. Anapitanso kubokosi, anatsitsa ya nyale pamodzi ndi yaikulu yomwe, anamatapo tepi, n'kuuza mlamu kuti aime pomwepo asalole munthu kukhudza. Anayesanso waya uliwonse, umodziumodzi. Kanyale sikanayake.

Swichi yakale ataichotsa anaipereka kwa Mayi Nsimbi. Kumaso inali yoyera bwinobwino, yongothimbirira pang'ono pamene chigongono chinkadina. Kumbuyo inali yakuda, pulasitiki atasungunuka n'kuuma ngati shuga wopserera.

"Kasikuluwu aka kanamasuka," anafotokoza Kaliwiro, akuyankhula mowayang'ana kumaso. "Zaka zambiri, komanso chitsekochi chikamamenyetseka khoma limagwedezeka. Waya akakhala wosamangika, moto umachita kudumpha kuti udutse, ndiye kuthetheka kumene munamva. Ukamadumpha umatenthetsa, kutenthako n'kumawonjezera kumasuka. Ndiye pamenepa panali mawaya awiri, wina wopitirira ku nyale za pakhonde ndi zapanja. Madzulo zonsezo zikayaka, n'kuwonjezera babu lakale lotenthali, zonse zimadutsa pa kasikuluwu kamodzi aka. Dzulo ndinalakwanso, ndikanakuuzani kuti mutsitse ya nyale kubokosi, osangoti musayatse."

"Zayamba liti?" anafunsa mayiwo.

"Mmene yapseramu? Si za sabata ino ayi. Miyezi."

"Itatu?"

"Ikhoza kukwana." Anayang'ana chitseko chamatabwa, katani yolendewera pa msomali pafupi ndi swichi, kenako bedi. Onse anaona chimodzimodzi: munthu wosatha kudzuka yekha, atagona mikono itatu kuchokera pamenepo, makutu ake ali akuthwa ngati kale, akumva phokoso limene analidziwa moyo wake wonse, ali ndi liwu limodzi lokha loti anenere. Ndipo linali liwu loyenera. Kwa zaka ziwiri liwulo linkatanthauza madzi, beseni, msana, chilichonse, moti tsiku limene linatanthauza zimene limanena, palibe anamva.

Mayi Nsimbi anakhala pa mpando wa pafupi ndi bedi, swichi yopsayo ili pamiyendo. Anachita manyazi, manyazi aakulu, pokumbukira madzulo aja ankayatsa dala. Sanalire. Anangomva kutopa konse kwa miyezi itatu kukutsikira m'mapewa nthawi imodzi.

Kaliwiro anadula nsonga zonse zakuda mpaka anafika pa mkuwa wowala ndi chikopa chosauma, n'kusenda pang'ono, mongokwanira kulowa m'bowo. Waya wopita ku babu anali atauika kachizindikiro ka tepi asanauchotse, kuti asausokoneze ndi wamoto. Analowetsa awiri amoto aja m'malo mwawo pa swichi yatsopano, wa babu m'malo mwake, n'kumanga. Waya wobiriwira wa chitetezo anauona ngati wagwira bwino pa kabokosi kachitsulo ka m'khoma. Atatsala pang'ono kutseka, kubedi kunamveka kakhosomo. Kaliwiro anaima, anaseka pang'ono, n'kukoka waya uliwonse ndi zala kuti aone ngati sukusolokamo. Umodzi anauwonjezera kumanga. Kenako anapinda mawaya bwinobwino, anatseka, anasinthanso babu lakale lija n'kuika losatentha, n'kupita kukakweza kubokosi.

"Yatsani ndinu, mayi," anatero.

Anaimirira. Manja anali opanda kanthu, ndiye anadina ndi chala. Swichi inangoti tha, kamodzi, babu n'kuyaka. Anaima pomwepo pakhomo, pamalo pawo pa masiku onse, mapewa atakwera kale kudikira kukuwa. Bambowo anapendeketsa mutu, khutu kuloza kukhoma. Anamvetsera nthawi yaitali. Mayiwo anagunditsa tsaya pa swichi, anadikira, anagunditsanso. Inali yozizira.

Ndiye maso a bambowo anachoka pakhoma n'kubwera pa iwo. Anawayang'ana nkhope yonse, imvi zotuluka m'duku, makwinya, kachipsera ka nthunzi pachibwano, osathawitsa maso, babu likuyaka pamwamba pawo masana dzuwa lili phwee.

Dalaivala analiza hutala panja. Mlamu anasuzumira, mawu ake atachepa. "Alamu, nthawi ikupita. Tiwanyamule?"

Mayi Nsimbi anayang'ana amuna awo. Palibe chimene chinapepuka, tisanamizane. Mawa kunali kusambitsa, kutembenuza, kuchapa nsalu zonunkha, Lolemba kunali nsimbi, ndipo mawondo anali omwewo. Kwa mlamu kunali wantchito ndi chipinda chachikulu. Anayandikira bedi kuti awapukute malovu pa malaya, akuganiza kuti mwina kupitako n'kwabwinobe.

Dzanja lamanzere lija linawagwira pamkono. Linagwira zolimba, mphamvu zonse za munthu amene kale ankapota mawaya ndi zala.

"Thimitsa," anatero bambowo, motsitsa kwambiri.

"Akuti muthimitse," anatero mlamu, dzanja likupita kale ku swichi.

"Isiyeni," anatero Mayi Nsimbi. Ameneyu sanali wa madzi, sanali wa beseni, sanali wa msana. Anali asanamumvepo, koma sanafune womasulira. Anakhala m'mphepete mwa bedi, mkono uli m'dzanja lomwelo. "Alamu, muuzeni dalaivala atsitse matiresi. Ayambe ndi chikwama cha mankhwala, nthawi ya mapiritsi yakwana kale."